Mwana akamayankhula mawu amene inu simukuwamva

"Mwana wanga wa zaka 16 akakhala ndi anzake amayankhula mawu achilendo. Ndikangophunzira liwu limodzi, ndimapeza alisiya kale. Mawuwa amawatenga kuti? Kodi ndimuletse asanaiwale kuyankhula bwino?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa bambo anga ankadandaula chimodzimodzi, ndipo iwo anasankha kuletsa.

Ndili ndi zaka 15 tinali gulu la anyamata asanu, ndipo tinkakonda kutembenuza mawu. Tsiku lina mnzathu wina anatenga liwu loti ndalama n'kuyamba kulitchula kuchokera kumapeto: ma, la, nda. Tinafa nako kuseka, chifukwa malanda ankamveka ngati kulanda, chikhalirecho tonse tinali ana amantha oti sitikanalanda munthu ngakhale pensulo. Sabata isanathe liwulo linali pakamwa pa tonse asanu. Wina akabwera m'thumba muli mbee, tinkati lero malanda agona. Mawu ena amene tinatembenuza tsiku lomwelo sindikuwakumbukira n'komwe. Limeneli linagwira chifukwa linali losavuta kutchula, linkaseketsa, komanso amene analiyambitsa anali mnyamata amene tonse tinkafuna kufanana naye.

Kenako bambo anandimva ndikuuza mnzanga kuti mawa tikasake malanda. Sanandifunse tanthauzo lake. Anangoganiza kuti ndalowa gulu la akuba, ndipo anandikalipira pamaso pa mnzangayo mpaka anandiletsa kutuluka. Ndinayesa kufotokoza koma anati mwana wolongosoka sayankhula zobisa. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa kuyambira pamenepo ndinasiya kucheza momasuka bambo ali pafupi, ndipo panatenga zaka kuti tiyambenso kuseka limodzi. Liwulo silinafe ayi. Linakula mphamvu, poti tsopano linali loletsedwa.

Chimene chinalipha chinali china. Patapita chaka, ana a makalasi a m'munsi anali atalitola, ndipo mphunzitsi wina, pofuna kutisangalatsa, anafunsa m'kalasi ngati tabweretsa malanda a ulendo. Palibe amene anauza mnzake kuti tilisiye. Linangozizira mkamwa, basi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Achinyamata sapanga mawu chifukwa chosowa dzina la chinthu. Ndalama zinali nalo kale dzina. N'chifukwa chake mukamvetsera bwino mupeza kuti mawu atsopanowa amaunjikana pa nkhani zochepa zomwezo: ndalama, chibwenzi, apolisi, kuledzera, chinthu chabwino kwambiri, munthu wotsalira. Ntchito yeniyeni ya liwulo ndi kusonyeza amene ali m'gulu ndi amene ali kunja. Ndiye likafala n'kufika kwa makolo, aphunzitsi ndi otsatsa malonda, ntchito yake yatha, ngakhale tanthauzo likadalipo. Liwu wamba likamatchulidwa ndi anthu ambiri limazika mizu. Liwu la achinyamata likamatchulidwa ndi anthu ambiri limafota. Ndipo m'tauni zimathamanga chifukwa ana a ziyankhulo zosiyanasiyana amakumana tsiku ndi tsiku, zobwereka zimachuluka, komanso pakangopita zaka zinayi kapena zisanu pabwera gulu lina la ana losafuna kumveka ngati achimwene awo.

Ndinadabwa nditakula kumva kuti masewera athu aja ali ndi dzina kwina. Achinyamata a m'madera ozungulira Paris amatembenuza mawu a Chifalansa, ndipo kayankhulidweko amakatcha verlan, dzina lomwenso ndi lotembenuza la l'envers, kutanthauza chambuyo. Liwu loti femme, mkazi, linasanduka meuf. Liwu loti arabe, Mluya, linasanduka beur, ndipo ana obadwira ku France kwa makolo ochokera kumpoto kwa Africa ankadzitchula choncho. Mu 1983 kunachitika ulendo wapansi wotsutsa tsankho kuchokera ku Marseille kukafika ku Paris, ndipo atolankhani anautcha Marche des Beurs. Liwulo linalowa m'manyuzi ndi m'kamwa mwa andale. Eni ake anachita chiyani? Analitembenuzanso, likhale rebeu. Taonani, anthu ake ndi omwewo, tanthauzo ndi lomwelo, chasintha n'chakuti liwu loyamba lija linali litagwidwa ndi manja ambiri.

N'chifukwa chake sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono anthu onena kuti kumeneku n'kuwononga chiyankhulo. Kuti mwana atembenuze liwu ayenera kudziwa pamene limaduka. Kuti aseketse anzake ndi tanthauzo lachiwiri ayenera kudziwa loyamba. Ndipo mawu akunjawa akalowa, amamvera malamulo a pakhomo: mneni wobwereka amalandira ndi-, ku-, -idwa ngati mneni wina aliyense. Mwana wosadziwa chiyankhulo sangachite zimenezi. Amene amaziona ngati umbuli sanakhalepo pansi n'kumvetsera.

Nanga ochepa amene amapulumuka?

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi OK. M'ma 1830 achinyamata ophunzira ndi olemba nyuzi a mumzinda wa Boston ku America anali ndi masewera olemba mawu molakwitsa dala kenako n'kuwafupikitsa. Panali OW, kuimira "oll wright", panali KY, kuimira "know yuse", ndi ena otero. Pa 23 Malichi 1839 nyuzi ya Boston Morning Post inasindikiza OK, kuimira "oll korrect", kutanthauza kuti zonse zili bwino. Anzake aja anazimiririka onse. OK anachita mwayi: mu 1840 Martin Van Buren, wochokera ku Kinderhook, ankapikisananso pa upulezidenti wa America, ndipo omutsatira ankamutchula Old Kinderhook, n'kukhazikitsa makalabu otchedwa O.K. Van Buren anagwa pa chisankhocho, koma liwu linali litamveka dziko lonse. Pambuyo pake ogwira ntchito yotumiza matelegalamu analipeza lothandiza, zilembo ziwiri zokha zovomereza kuti uthenga wafika. Mbiri imeneyi anaifukula ndi katswiri wa ziyankhulo Allen Walker Read m'ma 1960.

Liwulo silinapulumuke chifukwa chopitiriza kukhala la achinyamata. Linapeza ntchito ina imene anthu onse ankaifuna, ndipo lero amalitchula ndi agogo omwe, popanda woganiza kuti linayamba ngati nthabwala. Malanda athu analibe ntchito yachiwiri, poti liwu loti ndalama linali pomwepo likudikira. Mukafuna kulosera tsogolo la liwu limene mwana wanu akulikonda lero, dzifunseni ngati likunena chinthu chimene liwu lakale silinena mwachidule chomwecho. Ngati ayi, lili kale m'njira yozimirira.

Tsono pa funso lanu, Mayi: musamuletse. Chimene muyenera kuona n'chakuti amatha kusintha malinga ndi amene akuyankhula naye. Mumvetsereni akamapereka moni kwa akuluakulu, ndipo muwerenge zimene amalemba kusukulu. Ngati kumeneko kuli bwino, palibe chimene waiwala. Ngati mawu a anzake akulowa m'kalata kapena m'mayeso, mukonzeni pamenepo pokha. Liwu likakudetsani nkhawa, mufunseni tanthauzo muli awiri, osati pamaso pa anzake, ndipo akakuuzani musaligwiritse ntchito pomuseka. Bambo anga akanandifunsa funso limodzi lokha tsiku lija, ndikanawauza kuti tinkafuna ndalama zogulira mpira.