Tenanti wanga wadumphitsa miyezi iwiri osalipira lendi, ndimukumbutse bwanji?

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi nyumba ku Area 25, lendi yake K120,000 pamwezi, amayenera kulipira pofika pa 5. Bambo amene akukhalamo sanalipire ya Malichi ndi ya Epulo, ndikaimba amangoti mayi ndikuonani wiki ya mawa. Ndi munthu waulemu, wakhala zaka ziwiri opanda vuto, sindikufuna kukangana naye koma ndalamazo ndikuzifuna. Ndimulembere zotani?"

Mayi, choyamba siyani kuimba foni, lembani. Pafoni munthu akangoti "ndikuonani wiki ya mawa" inu mumayankha kuti chabwino bambo chifukwa cha ulemu, ndiye basi mwamupatsa wiki ina yaulere ndipo palibe pamene palembedwa kuti munagwirizana chani. Mulembereni pa WhatsApp kapena kakalata kapamanja, bola zikhale zoti mawa mukhoza kuzitsegula nkuwerenga nonse awiri.

Ndiye mu uthengawo ulemu uikeni m'mawu, moni, bambo, chonde, zikomo, zonsezo zikhalemo ndithu. Koma kulimba kwanu kuonekere pa manambala. Ambirife timasemphanitsa, timalemba mawu aukali koma opanda nambala ngakhale imodzi, zija zoti "bambo mwanditola bwanji, mundipatse ndalama zanga msanga". Msanga ndi liti? Zingati? Munthu amangokhumudwa nazo koma sanamangidwe pa chilichonse. Uthenga wabwino umatchula miyezi yake ndi dzina, ndalama yonse pamodzi, tsiku loti ikhale italowa, ndi chomwe chichitike tsikulo likadutsa. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo, ndikhulupirira kunyumba nonse muli bwino. Ndimati ndikukumbutseni za lendi, ya Malichi K120,000 ndi ya Epulo K120,000 sizinafike, zonse pamodzi ndi K240,000. Pa 5 Meyi ikwananso ya Meyi. Mwakhala bwino m'nyumbamu zaka ziwiri ndipo sitinavutanepo, nchifukwa chake ndikulemba kuti tikonze zinthu zisanakule. Chonde mutumize K240,000 pofika pa 30 Epulo pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala zomwe zija. Ngati simukwanitsa yonse nthawi imodzi, mundiyankhe pofika Lachisanu lino kuti mupereka zingati komanso liti, tilembe pansi. Pa 30 pakadutsa popanda ndalama kapena dongosolo lomwe tagwirizana, ndidzakupatsani notisi monga mwa agrimenti yathu. Zikomo bambo."

Basi, osaonjezera. Muona kuti mulibemo zoti pepani kukuvutitsani, chifukwa simukumuvutitsa, ndalama ndi zanu. Mulibemonso nkhani ya mavuto anu, ndipo apa ndipomwe amayi ambiri amagwera, amayamba kufotokoza kuti mwana akufunika fizi, ndili ndi ngongole kubanki mkhonde, amayi akudwala kumudzi. Mukangotero mwatsegula mpikisano wa mavuto, iye abweretsa ake ndipo mwina ndi akulu kuposa anuwo, mapeto ake ndinu amene muzimupepesa. Lendi sikuti amalipira chifukwa inu mwapanikizika ayi, amalipira chifukwa akugona m'nyumbamo. Komanso musatchule zomwe mwaona kapena kumva, zoti ndamva mwagula sofa yatsopano, akazi anu ndinawaona atanyamula majumbo a ku Gateway Mall. Kaya ndi zoona, zisiyeni, zimenezo zimangosandutsa nkhani ya ndalama kukhala nkhani ya kunyozana ndiye munthu amayamba kuteteza ulemu wake m'malo mosaka ndalama.

Chiganizo chija choti pa 5 Meyi ikwananso ya Meyi musachichotse, chili ndi ntchito. Ngongole ya lendi siima, pa 5 Meyi pakangodutsa yafika K360,000, ndipo munthu wapantchito amene lendi yake ndi K120,000 nkovuta kuti atulutse K360,000 pa malipiro amodzi. Miyezi iwiri munthu amatha kuithamangira nkuipeza, itatu ambiri amayamba kuganiza zosamuka usiku chifukwa kukayamba kwina kumaoneka kotchipa kusiyana ndi kubweza. Nde nthawi yolimba mtima ndi inoyi, osati mwezi wa mawa.

Tsopano za tsiku. Musangotchula tsiku lomwe lakusangalatsani, onani kaye kuti bamboyo amalandira liti. Ngati ali pantchito ya pamwezi ikani tsiku loyandikana ndi malipiro, tsiku limodzi kapena awiri atalandira, ndalama isanapite kwa okongoza ena ndi kugolosale. Mukaika pa 15 mukudziwa kuti pakati pa mwezi munthu alibe kalikonse, alephera, inu muonjezera masiku, ndiye waphunzira kuti masiku anu amasuntha. Uthengawonso utumizeni masana kapena chakumadzulo mkati mwa wiki, kwa iyeyo amene munapangana naye, osati kwa akazi ake, osati kutuma mwana, ndipo osati mu gulu la matenanti onse ngati muli nalo. Munthu ukamuchititsa manyazi pamaso pa aneba amaumitsa khosi.

Akayankha kuti sangakwanitse yonse, zili bwino, apo ndiye mwayamba kukambirana zenizeni, koma gwirani cholembera. Dongosolo lililonse liyambe ndi lendi ya mwezi umene ulipo, kenako kachigawo ka ngongole pamwamba pake. Tiyerekeze akuti ndizipereka K130,000 mwezi uliwonse. Zikumveka ngati wayesetsa eti? Koma pamenepo K120,000 ndi lendi yanthawi zonse, yopita kungongole ndi K10,000 yokha, ndiye K240,000 ithe pakufunika miyezi 24, zaka ziwiri zathunthu, ndi mmene mitengo ikukwereramu ndalama imeneyo podzatha idzakhala itachepa mphamvu. Zimenezo kanani mwaulemu. Zomveka ndi monga izi: pofika pa 5 Meyi apereke K200,000, kutanthauza K120,000 ya Meyi ndi K80,000 ya ngongole, yotsala K160,000. Kenako Juni, Julayi, Ogasiti ndi Seputembala azipereka K160,000 mwezi uliwonse, K40,000 yapamwambayo kanayi ikwana K160,000, ngongole yatha mu Seputembala. Manambala mutha kuwasintha malinga ndi mthumba mwake koma ndalama yoyamba ija ikhale yooneka, ndi imene imakuuzani ngati munthuyo ali siriyasi. Mukagwirizana lembani papepala, masiku ndi ndalama zake, asaine iye musaine inu, mboni mmodzi, aliyense atenge kope yake. Muikemo mzere woti akaphonya kamodzi dongosolo latha ndipo notisi iyamba.

Chinthu china chomwe chimachitika kwambiri: mwatumiza uthenga, sanayankhe kanthu, mawa lake foni yalira, K50,000 yalowa. Imeneyo ndi ndalama yokutsekani pakamwa, ambiri akailandira amakhala chete wiki ziwiri poopa kuoneka osayamika. Ilandireni, koma tsiku lomwelo muyankhe kuti "Zikomo bambo ndalandira K50,000, ndaiika ku lendi ya Malichi. Ya Malichi yatsala K70,000, ya Epulo K120,000, zonse K190,000. Tsiku likadali lomwe lija la pa 30." Nthawi zonse ndalama yolowa izitseka mwezi wakale kaye ndipo muzinena kuti mwaiika kuti, apo ayi kutsogoloku mudzakangana, iye azidzati ija inali ya Epulo, ya Malichi ndinakupatsani pamanja. Akapereka pamanja lembani lisiti pompo, timabuku ta malisiti timapezeka m'mashopu a zolembera, ndipo mameseji a Airtel Money kapena Mpamba musamafufute.

Angathenso kunena kuti mungodula pa dipoziti ngati anapereka polowa. Ine sindingalole akadali m'nyumba. Dipoziti ndi ya tsiku lotuluka, magalasi osweka, penti, bilu ya madzi yomwe wasiya. Mukaidya lero ndiye kuti tsiku lotuluka mulibe pogwira. Ndipo poti ndatchula madzi, funsani ku Water Board kapena onani bilu ngati mita yake ndi yolipira pambuyo ndipo ili m'dzina lanu, munthu amene wasiya lendi nthawi zambiri madzinso wasiya. Magetsi ngati ndi a mayunitsi palibe nkhawa, amadzigulira yekha. Enanso amabwera ndi zoti ndinakonzetsa mpope, ndinagula loko, mudule pa lendi. Ngati munavomereza kale ndipo lisiti ilipo dulani ndithu, chilungamo chikhalepo, koma ngati mukuzimva koyamba lero muuzeni kuti imeneyo ndi nkhani ina muikamba payokha.

Mungadziwe bwanji kuti uyu wangopanikizika kapena wayamba kukuzembani? Wopanikizika amatchula yekha nambala ndi tsiku ngakhale zikhale zochepa, amanena chomwe chachitika, malipiro achedwa, ntchito yatha, ndipo foni amayankha. Poti wanuyu wakhala zaka ziwiri bwinobwino ndikuganiza ali m'gulu limeneli ndipo akungochita manyazi, uthenga wa manambala umamuthandiza chifukwa umamupatsa poyambira kuyankhula. Wozemba sakhala ndi nambala, amangoti zitheka mayi, Mulungu alipo, tsiku likafika foni yazima. Mukamva aneba akuti katundu wayamba kutuluka pang'onopang'ono, lero firiji mawa matiresi, dziwani kuti akusamuka.

Ndaona anthu ena akulangiza kuti kakhomeni loko wina, chotsani chitseko, dulani madzi, tengani TV mugwirizire. Mayi musayerekeze. Mukatero nkhani imatembenuka, amene ali ndi ngongole amasanduka wodandaula, ndipo akati m'nyumbamo munali ndalama zasowa mudzayankha chani? Kupolisinso sakatolera lendi, akakuuzani kuti imeneyo ndi nkhani ya kukhoti. Ndiye musalembe zoopseza zomwe simungachite, lembani chokhacho chomwe mudzachitedi, chomwe ndi notisi.

Pa 30 pakadutsa ali chete, pa 1 Meyi perekani notisi yolemba, yokhala ndi deti, kutalika kwake monga mwa agrimenti yanu, ngati munangogwirizana pakamwa ambiri pa nyumba ya lendi ya pamwezi amapereka mwezi wathunthu. Mukapereke pamanja muli ndi mboni, a mfumu a m'dera kapena a bulokolida amathandiza pamenepa, asaine kuti walandira, akakana mboniyo ilembe kuti wakana. Mulembemonso kuti kutuluka sikufafaniza ngongole komanso lendi ya mwezi wa notisiwo ikuwerengedwa. Akakana kutuluka kapena kulipira mupite ku khoti la majisitireti ndi agrimenti, malisiti, mameseji aja ndi kope ya notisi, khoti likagamula amene amakatulutsa munthu kapena kugwira katundu ndi a sherifu, osati inu kapena achimwene anu.