Akaunti ikaimitsidwa ndalama zambiri zitalowa: zimene banki ikufuna kuona

"Ndinagulitsa galimoto yanga yonyamula katundu, ndipo wogulayo atangotumiza gawo loyamba la ndalama, akaunti yanga inaimitsidwa. Ku banki akungoti ndibweretse umboni wa kumene ndalamazo zachokera, koma sakundiuza chimene ndalakwa. Kodi ndiwapatse chiyani? Nanga zotsalazo ndiuze wogula azitumiza pang'onopang'ono kuti zisaonekere?"

Bambo, ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene landichititsa mantha: musamuuze wogulayo kuti agawe ndalamazo m'tizigawo ting'onoting'ono. Chifukwa chake ndichifotokoza, koma ndiloleni ndinene kaye zimene zinandichitikira, pakuti imelo yanu yandikumbutsa nkhani imene mpaka lero imandiwawa ndikaiganizira.

Bambo athu atamwalira, ine ndi amene ndinasankhidwa ndi bwalo la milandu kuyang'anira chuma chamasiye, ndipo abale tonse tinagwirizana kugulitsa nyumba imene anasiya kuti tigawane ndalama. Akaunti imene ndinapereka kwa wogula inali yomwe ndinatsekula ndili pasukulu, imene pambuyo pake inkangolandira malipiro anga apamwezi, osati china chilichonse. Tsiku limene ndalama za nyumba zinalowa, akauntiyo inalandira kamodzin'kamodzi ndalama zoposa malipiro anga a zaka zingapo. Khadi linakana pamakina, pafoni panangolembedwa kuti ndipite kunthambi, ndipo kunthambiko mayi amene anandilandira anayang'ana pakompyuta yake, n'kuitembenuza pang'ono kuti ndisaone, kenaka anati, "Pepani, nkhaniyi ili kulikulu, ife sitingakuuzeni zambiri." Panthawiyo abale anga anali atayamba kale kuimba foni, ena akuganiza kuti ndalamazo ndadya.

Ndinapita ndi mgwirizano wogulitsirana nyumbayo, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti pepala limeneli lokha lithetsa nkhani. Silinathetse, ndipo nditauzidwa zimene zikusowa ndinaona kuti panali mipata itatu imene kwa ine inali yosadetsa nkhawa, koma kwa munthu wosandidziwa inali mafunso enieni. Mpata woyamba unali dzina: pamgwirizano panali dzina la wogula, pamene ndalama zinachokera kuakaunti ya kampani yake. Wachiwiri unali kuchuluka kwa ndalama, chifukwa wogula anali atapereka kale 10 peresenti ngati chikole kwa loya, ndipo wotithandiza kupeza wogula anali atachotseratu 5 peresenti yake, kotero kuti zimene zinalowa zinali 85 peresenti yokha ya mtengo wolembedwa pamgwirizano. Wachitatu unali ine mwini, pakuti pachikalata cha umwini wa nyumba panali dzina la bambo, ndipo panalibe chilichonse m'manja mwa banki chosonyeza kuti ndili ndi mphamvu yogulitsa nyumba ya munthu wina.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene anthu ambiri amaphonya. Wantchito wa kulikulu amene akuunika nkhani yanu sakuyesa kudziwa ngati ndinu munthu wokhulupirika, ndipo kalata yaitali yofotokoza kuti mwakhala kasitomala wawo kwa zaka zambiri simuthandiza kulemba lipoti lake. Iye akufuna kulondola ndalamazo ngati unyolo, kuyambira pa chinthu chimene chinazibala mpaka tsiku limene zinalowa muakaunti yanu, ndipo paliponse pamene dzina, deti kapena chiwerengero zasiyana, payenera kukhala pepala lofotokoza kusiyanako. Ine ndinapereka kalata ya bwalo la milandu yondipatsa mphamvu pa chuma chamasiye pamodzi ndi chikalata cha imfa ya bambo, ndipo mpata wachitatu unatsekeka. Loya analemba sitetimenti yoonetsa mtengo wonse, chikole chimene anasunga, zimene zinachotsedwa, ndi zotsala zofanana ndendende ndi zimene zinalowa. Wogula anabweretsa chikalata cha kaundula wa makampani choonetsa kuti iye ndi mwini kampaniyo, kalata yosainidwa yonena kuti kampaniyo inamulipirira, ndi tsamba la sitetimenti yake loonetsa ndalamazo zikutuluka. Zitatha izi akaunti inatsekulidwa popanda funso lina.

Tsono n'chifukwa chiyani banki imachita zimenezi, ndipo n'chifukwa chiyani imakhala chete? Mu 1989 mayiko olemera a gulu la G7 anakhazikitsa bungwe la FATF kuti lilimbane ndi mchitidwe wobisa ndalama zopezedwa mwa umbanda pozilowetsa m'mabanki kuti zioneke ngati zoyera. Bungweli lili ndi mfundo 40 zimene mayiko ambiri anaziika m'malamulo awo. Mwa mfundozi, ya nambala 10 imafuna kuti banki imudziwe kasitomala wake ndi kuona ngati ndalama zimene zikuyenda zikugwirizana ndi zimene iye ananena za ntchito kapena malonda ake. Ya nambala 20 imalamula banki kupereka lipoti ku nthambi ya boma younika za ndalama ikakayikira china chake, ndipo ya nambala 21 imaletsa banki ndi antchito ake kumutsina khutu kasitomala kuti lipoti lotere laperekedwa. Mayi amene anatembenuza kompyuta uja mwina sanali wamwano ayi, ndipo n'kuthekanso kuti iye mwini sankaona zambiri kuposa chizindikiro chakuti akaunti yaimitsidwa. Kumukalipira wantchito wa pakauntala n'kutaya nthawi, chifukwa kiyi sali m'manja mwake.

Chimene chimayambitsa zonsezi kawirikawiri si munthu, koma makina amene amayerekeza ndalama zolowa ndi mbiri ya akauntiyo. Ndalama zomwezo zikalowa muakaunti ya wamalonda amene amalandira zotere mwezi ndi mwezi, palibe chimachitika, koma zikalowa muakaunti imene pafomu yake panalembedwa kuti mwiniwake ndi wophunzira, makinawo amachenjeza. Amachenjezanso ngati ndalama zachokera kwa munthu wachilendo, ngati zachokera kunja kwa dziko, ngati zinali za pamanja, kapena ngati mwiniwake wayamba kuzitulutsa zonse tsiku lomwelo.

Ndisabise maganizo anga: ndikuvomereza kuti kufufuzaku n'kofunika, koma sindivomereza m'mene mabanki ambiri amakuchitira. Palibe lamulo limene limaletsa banki kukuuzani momveka bwino, pa kalata imodzi, mapepala onse amene ikufuna. Chimene chimachitika m'malo mwake n'chakuti amakufunsani pepala limodzi, mukabweretsa n'kufunsanso lina, ndipo nthawi yonseyi malipiro anu apamwezi, amene alibe chokayikitsa chilichonse, atsekeredwa limodzi ndi ndalama zimene zikufufuzidwa. Kumeneku si kutsatira lamulo, koma ndi kusalabadira munthu, ndipo banki imene imatero imabisala kumbuyo kwa mfundo yoletsa kutsina khutu pa zinthu zimene mfundoyo siikhudza n'komwe. Mayiko ena anaikako malire a nthawi. Ku Biriteni, mwachitsanzo, lamulo la mu 2002 limapatsa akuluakulu a boma masiku 7 ogwira ntchito kuti ayankhe banki ikapempha chilolezo chopitiriza, ndipo akakana, ndalamazo zimaimitsidwa kwa masiku ena 31, amene bwalo la milandu lingathe kuwawonjezera. Malire otere amasiyana dziko ndi dziko, koma kufunsa kuti nkhani yanu ili pa gawo liti ndi ufulu wanu kulikonse.

Tibwerere ku ganizo lanu logawa ndalama lija. Kuduladula ndalama zambiri kuti zisafike pa mlingo umene banki imaperekera lipoti ndi njira imene obisa ndalama amaigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo makina anakonzedwa makamaka kuti aziigwira. Ku Amereka, banki imapereka lipoti pa ndalama zapamanja zoposa madola 10,000, ndipo kugawa dala ndalama n'cholinga chozemba lipotili ndi mlandu pa wokha, ngakhale ndalamazo zitakhala kuti munazipeza moona mtima. Pakali pano muli ndi nkhani yosavuta ya galimoto imodzi, wogula mmodzi ndi malipiro awiri. Mukaisandutsa malipiro khumi ndi asanu ang'onoang'ono, mwina ena n'kulowa muakaunti ya akazi anu, mudzakhala mutapanga ndi manja anu chithunzi chimene banki ikuchiopa, ndipo palibe pepala limene lidzachifotokoze bwino.

Zoti mupite nazo

Poyamba pemphani kuti akulembereni zimene akufuna, ndipo mufunse ngati kuimitsako n'kwa banki yokha kapena kwachokera ku bwalo la milandu kapena ku nthambi ya boma. Mwina sangayankhe zonse, koma ngati pali chiletso cha bwalo, mapepala anu sangachichotse pakauntala ndipo mufunika loya. Ngati n'kwa banki yokha, tengani chiphaso chanu kapena pasipoti imene sinathe ntchito, umboni watsopano wa kumene mukukhala, mgwirizano wogulitsirana wosainidwa ndi nonse awiri woonetsa mtengo wonse ndi m'mene adzalipirire, chikalata cha galimoto chokhala ndi dzina lanu pamodzi ndi cha kusintha umwini, chiphaso cha wogula, ndi umboni wa banki yake woonetsa ndalamazo zikutuluka. Ngati zinachokera kunja kwa dziko, wogula apemphe ku banki yake uthenga wotsimikiza kutumizako, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti MT103. Nthawi zina amafunsanso m'mene inuyo munaipezera galimotoyo poyamba, choncho lisiti yakale kapena mapepala a ngongole imene munagulira musawasiye kunyumba.

Pamwamba pa zonsezi ikanipo kalata ya tsamba limodzi yonena kuti munagulitsa chiyani, kwa yani, liti, pa mtengo wanji, zalowa zingati ndi zotsala zingati, ndipo muyerekeze nokha mayina ndi ziwerengero musanapereke. Pepala limene linasowa musalipange ndi deti lam'mbuyo. Nenani kuti palibe, wogula alembe kalata yotsimikiza ya deti la lero. Perekani zonse pamodzi, sungani makope, tengani nambala ya nkhani yanu, ndipo mupemphe mwa kalata kuti akuloleni kugwiritsa ntchito ndalama zina zimene sizikufufuzidwa. Akachedwa popanda yankho, lembani dandaulo ku ofesi ya madandaulo ya bankiyo, ndipo ikalephera, pitani ku bungwe loyang'anira mabanki m'dziko lanu. Zotsala za wogula zija zibwere kamodzi, kuchokera kuakaunti ya dzina lake, ndipo banki muidziwitsiretu mwa kalata tsiku ndi kuchuluka kwake zisanalowe.