Za 45,000 ya ntchito ija

"Akulu, andiimbira kuti andilemba ntchito ya mu sitolo, koma nditumize K45,000 yoyezetsa kuchipatala isanakwane 4 koloko, ndipo ndisauze anthu. Zoyezetsazi munthu amalipiradi yekha?"

Eee, msuweni. Ndamva. Ukufuna ndikubwereke 45,000 yo, eti? Hahaha, ndimakudziwa iwe. Sindikupatsa. Dikira kaye, usakwiye.

Ukukumbuka za amalume chaka chomwe anagwetsa khola chija? Ayi, osati aang'ono, aakulu. Anawaimbira munthu, mawu aulemu, kuwatchula dzina ndi la bambo lomwe. Akuti mwawina 2 miliyoni pa mpikisano, tumizani 30,000 yotsegulira, 12 koloko ikakwana tipatsa wina. Amalume kusiya khasu pomwepo, thumba la chimanga panjinga, kukagulitsa motchipa. Foni ili kukhutu njira yonse, poti anawauza kuti musadule, mukadula mwayi wapita. Ndiye akuti mukafika kwa ejenti musanene kuti ndi za mpikisano, maejenti ndi ansanje, mungoti mukutumizira mwana. Amalume amene aja, oti ngakhale mbuzi ikabereka mudzi wonse umve, tsiku limenelo duu!

Mwayi wake anakumana ndi azakhali akuchokera kuchigayo. Kuwalanda foni, nkunena kuti, "Bambo, 30,000 yo chotsani pa 2 miliyoni pomwepo, mutumize yotsalayo." Foni thii, kudula. Poimbanso, siyikupezeka. Chimanga chokha ndiye chinapita. Mpaka lero ukatchula mpikisano amalume amadzuka kukaona ng'ombe.

Za dzinalo usadabwe nazo. Munthu akalemba nambala yako ngati akufuna kukutumizira ndalama, dzina limatuluka lokha pafoni.

Nde... ndimati chani? Eya. Iwe wafunsa za kuchipatala, koma ine chandigwira ndi 4 koloko ndi "usauze anthu". Bodza lawolo silingapirire maola awiri, komanso silingapirire munthu wachiwiri. Akupatse mpaka mawa, upita kukaona ngati sitoloyo ilipo. Akulole kufunsa, wina akufunsa zomwe ndikufunse inezi: unalembera liti kalata? Intavyu unapanga kuti? Nambala yolandira ndalamayo ikutulutsa dzina la kampani kapena la munthu? Nchifukwa chake amakutchingira zonse ziwiri, nthawi ndi anthu.

Wolemba ntchito weniweni angathe kukufulumizitsa, inde, sindikukana. Koma sangakuletse kufunsa abale ako, akubisa chani? Changu chikabwera pamodzi ndi chinsinsi, ndalama zikuchoka kwa iwe, ameneyo ndi wakuba.

Muyese wekha. Muuze kuti ubwera mawa ku ofesi ndi mkulu wako, mukalipire pamanja akupatseni risiti. Umve mmene asinthire mawu, ayamba zoti malo atsala awiri okha, kapena kukalipa kumene. Akangokwiya poti wapempha tsiku limodzi ndi mboni, wadziulula yekha.

Ndipo pini yako usampatse, ngakhale atati akufuna akuikire malipiro. Nambalayo iponye pagulu pano, ndimuimbire ineyo. Kapena timupatse azakhali, hahaha.