Kuyesa kaye ALTER TABLE pa seva yoyeserera

"Akuluakulu thandizeni. Ndimayang'anira sisitimu yolemba makilo a tiyi wa alimi ang'onoang'ono kuno ku Thyolo, databesi yake ndi PostgreSQL. Kolamu ya kg mu tebulo la zoyeza ndi integer, pano akufuna tizilembanso matheka a kilo. Tebulolo lili ndi mizere pafupifupi 12 miliyoni. Ndiyese bwanji kaye ndisanagwire yeniyeniyo?"

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanagwire. Kusamutsa kolamu kuchoka pa integer kupita pa numeric si kusintha dzina ayi, PostgreSQL imalembanso tebulo lonse mwatsopano pamodzi ndi ma indekisi ake, ndipo nthawi yonseyo imaika loko ya ACCESS EXCLUSIVE, kutanthauza kuti ngakhale SELECT wamba sadutsa. Makalaliki a pasikelo adzangoona sisitimu yaima, alimi ali pamzere ndi masamba awo. Ndiye chimene mukufuna kudziwa pa seva yoyeserera ndi chakuti zitenga mphindi zingati, zidya disiki yochuluka bwanji. Nchifukwa chake kopani databesi yonse, osati mizere 1,000 yokha, pa mizere yochepa chilichonse chimatha m'kuphethira kwa diso ndipo simuphunzirapo kanthu.

Kukopako chitani usiku sikelo zitatsekedwa, kuchokera seva kupita seva, osadzera pa laputopu yanu. Yendetsani mkati mwa tmux kuti netiweki ikaduka kapena magetsi akathima kwanuko ntchito isafere panjira.

```
pg_dump -Fc -f tiyi.dump tiyi
createdb tiyi_yesa
pg_restore --no-owner -j 4 -d tiyi_yesa tiyi.dump
```

Mzere woyambawo ndi wa pa seva yeniyeni, iwiri inayo ndi ya pa yoyeserera mukasamutsa fayilo. Veshoni ya PostgreSQL ikhale imodzimodzi mbali zonse, ndipo mukamaliza yendetsani ANALYZE, kupanda kutero ma query anu azichedwa pa zifukwa zosagwirizana ndi zomwe mukuyesazo.

Tsopano apa ndikupempheni mumvetsere. Musanadzutse apu pa seva yoyeserera, dziwani kuti kopeyo ili ndi manambala enieni a foni za alimi. Ngati cron ili moyo komanso makiyi otumizira mauthenga kapena olipirira pa foni ndi omwe aja a ku seva yeniyeni, mayi wina ku Bvumbwe alandira uthenga woti walipidwa pamene sanalandire kanthu, kapena alipidwa kawiri, ndipo odzayankha mlandu ndinu. Zimitsani cron, chotsani makiyiwo, fufutani manambala:

```
UPDATE alimi SET foni = '000' || id;
```

Fayilo ya tiyi.dump nayo musaisiye ikungokhala pamenepo, mukathana nayo ichotseni, muli mayina ndi ndalama za anthu mmenemo.

Kenako mu psql lembani kaye papepala zotsatira za count(*) ndi sum(kg), muyatse \timing, nkuyendetsa:

```
SET lock_timeout = '5s';
ALTER TABLE zoyeza
  ALTER COLUMN kg TYPE numeric(8,2);
```

Ikamayenda tsegulani windo ina muziona df -h. Tebulo lakale ndi latsopano amakhalapo onse awiri mpaka ntchito ithe, kuphatikizapo WAL yomwe imafufuma, ndiye ngati tebulo ndi ma indekisi ake ndi 6 GB muyenera kukhala ndi malo opitirira 6 GB ena. Mwinanso ikukanani pomwepo ndi "cannot alter type of a column used by a view or rule", ndiye kuti pali viyu ya malipoti yomwe imawerenga kg, muyenera kuigwetsa nkuimanganso mu thiranzakishoni yomweyo. Bola kuzipeza pano. Ikatha, count ndi sum zifanane ndi zapapepala zija, muyesenso kulemba 12.5 kudzera mu apu yeniyeniyo poti mwina khodi ikudulabe nambala.

Chimene seva yoyeserera imanamiza anthu nchakuti kulibe wina aliyense akuigwiritsa ntchito. Ku yeniyeni kukhoza kukhala lipoti la malipiro likuyenda, ALTER wanu aima kudikira lipotilo, ndipo aliyense wobwera pambuyo aima kudikira ALTER wanuyo, ngati minibasi yafera pa mlatho wopapatiza. Ziyeseni dala: windo yoyamba lembani BEGIN, ndi SELECT pa zoyeza nkuisiya osatseka, yachiwiri yendetsani ALTER popanda lock_timeout, yachitatu SELECT wamba, muona yaima njii, ndipo mu pg_stat_activity pa wait_event_type palembedwa Lock. Bwerezani ndi lock_timeout ija, ALTER agonja pakatha masekondi 5, SELECT wodikira uja nkudutsa.

Nthawi imene mwapezayo musaikhulupirire ndendende, disiki za maseva awiriwa zimasiyana komanso kope yatsopano imakhala yosanjika bwino pa disiki kuposa yakale ija, ine ndimaichulukitsa kawiri popempha nthawi kwa abwana. Ikakhala mphindi 10 kapena 20, chitani Lamlungu usiku mutatenga bakapu yatsopano. Ikafika maola, siyani njira imeneyi, onjezerani kolamu ina ya numeric, muziidzaza pang'onopang'ono mizere 10,000 nthawi imodzi, ndipo nayonso muiyese kaye pa kope yomweyi.