Penshoni ikamadulidwa msonkho usanawerengedwe, mukupulumutsa zingati?

"Ndimagwira ntchito ku Joni, malipiro anga ndi R21,000 pamwezi ndipo amandidula R1,575 ya penshoni. Ndikufuna ndiziwonjezerapo R1,000. Mnzanga akuti pa ndalama iliyonse imene ndaika ku penshoni, msonkho umatsika ndi 26 peresenti. Ndi zoona? Ndingawerengetse bwanji ndekha?"

Achimwene, mnzanuyo sananame kwenikweni, koma 26 peresentiyo ikugwira mbali imodzi yokha ya ndalama zanu. Njira yosaphonya ndi kuwerengetsa msonkho wa chaka chonse kawiri, koyamba ngati kuti penshoni kulibe, kachiwiri mutachotsa penshoni. Kusiyana kwa mayankho awiriwo ndiye ndalama imene mwapulumutsa. Ndigwiritsa ntchito manambala a SARS, bungwe lotolera msonkho ku South Africa, a chaka cha msonkho choyambira pa 1 Malichi 2025 mpaka pa 28 Febuluwale 2026, ndipo ndikutenga kuti simunakwanitse zaka 65 komanso simuli pa sikimu ya zachipatala. Manambalawa amatha kusintha bajeti ikawerengedwa, choncho pa chaka china muyambe mwaona tebulo la chakacho. Kawerengedwe kake kokha ndi komweka.

Msonkho wa ku South Africa umakwera m'magawo. M'chaka cha 2025/26, R237,100 yoyamba pachaka inkadulidwa 18 peresenti, ndipo yopitirira pamenepo mpaka R370,500 inkadulidwa 26 peresenti. Zikatero, aliyense ankachotseredwa R17,235 pa msonkho umene watulukawo.

Inu pachaka mumalandira R252,000. Popanda penshoni, gawo loyamba lija likanakupatsani msonkho wa R42,678. Pamwamba pake patsala R14,900 imene ili m'gawo la 26 peresenti, ndipo msonkho wake ndi R3,874. Mukaphatikiza ziwirizi n'kuchotsa R17,235, mupeza R29,317.

Tsopano chotsani penshoni ya chaka chonse, imene ndi R18,900. Yotsala ndi R233,100, ndipo onani kuti yatsikira kunsi kwa malire aja a R237,100. Yonse ikudulidwa 18 peresenti basi, zomwe zikupereka R41,958, ndipo mukachotsa R17,235 msonkho ukhala R24,723. Kusiyana kwake ndi R4,594 pachaka, pafupifupi R383 pamwezi. Ndiye kuti pa R1,575 imene imalowa m'thumba lanu la penshoni mwezi uliwonse, imene ikuchokadi m'manja mwanu ndi pafupifupi R1,192. Inayo ikanapita ku msonkho.

Chifukwa chake n'choti penshoni imayamba kuchotsedwa pamwamba pa malipiro, pamene msonkho uli wokwera kwambiri, n'kumatsika nayo. Pa R18,900 yanuyo, R14,900 yachoka m'gawo la 26 peresenti, koma R4,000 yotsalayo yachoka m'gawo la 18 peresenti ndipo yapulumutsa R720 yokha. Mukanangotsatira za mnzanuyo mukanapeza R4,914, yomwe yapitirira ndi R320.

Pa R1,000 imene mukufuna kuwonjezerayo ndi pamene nkhani yagona. Gawo la 26 peresenti lija mwalimaliza kale ndi penshoni imene akukudulani pano, choncho yowonjezera yonse igwera mu 18 peresenti. Msonkho utsika ndi R180 pamwezi, osati R260, ndipo ndalama yopita nayo kunyumba ichepa ndi R820. Ngati mumatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, nambala yopangira bajeti ndi R820 imeneyi.

Bonasi ikhoza kusintha yankho. Ngati pakutha pa chaka mumalandira malipiro a mwezi wina owonjezera ndipo sadulapo penshoni, ndalama zanu za chaka ndi R273,000. Mukachotsa R18,900 itsala R254,100, kutanthauza kuti R17,000 idakali m'gawo lapamwamba. Apo R12,000 yowonjezera ya chaka chonse ikwanamo yonse, ndipo mnzanuyo akhala kuti walondola: mupulumutsa R3,120 pachaka. Ovataimu nayo imachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuwerengetsa kochokera pa peyisilipi ya mwezi umodzi. Phatikizani zonse za chaka kaye.

Kuti mudziwe ngati kuntchito akuchotsadi penshoni asanawerengere msonkho, tengani peyisilipi ya mwezi wopanda bonasi kapena ovataimu muone mzere wa PAYE. Pa manambala a 2025/26, ukhale pafupi ndi R2,060. Mukapeza uli cha m'ma R2,443, ndiye kuti msonkho akuwerengera pa R21,000 yonse, ndipo mupite kwa okonza malipiro mukafunse mwaulemu. Chaka chikatha onaninso IRP5 yanu, chikalata cha kuntchito chosonyeza malipiro ndi msonkho wa chaka chonse: zopereka za penshoni zimalembedwa pa nambala 4001, ndipo ngati thumba lanu ndi la pulovidenti, pa 4003. Zikasoweka pamenepo, SARS siizidziwa.

Komwe muike yowonjezerayo nakonso kuli ndi kanthu. Ikadutsa kuntchito, PAYE imatsika mwezi womwewo. Mukatsegula penshoni yanuyanu, imene anthu amangoti RA, n'kumalipira kuchokera ku banki, R1,000 imachoka yonse, ndipo R2,160 ya chaka chonse mudzaiona pobwezeredwa mutapereka ku SARS fomu ya msonkho wa chaka yotchedwa ITR12. Kampani ya RA imatulutsa chikalata cha IT3(f) chosonyeza zimene mwapereka. Musachitaye. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndafunsa kuntchito ngati amalola kuwonjezera, chifukwa kudikira miyezi yambiri kuti akubwezereni ndalama yanu yomwe n'kowawa kwa munthu amene lendi ikumudikira.

Lamulo lili ndi malire ake. Zopereka zochotsedwa msonkho usanawerengedwe zisapitirire 27.5 peresenti ya malipiro, komanso m'chaka cha 2025/26 sizinkayenera kupitirira R350,000. Pa R252,000, 27.5 peresenti ndi R69,300. Kumbukirani kuti zimene abwana amakuikirani zimawerengedwanso m'malire omwewa. Pa peyisilipi zimaoneka ngati zawonjezedwa ku malipiro anu kenako n'kuchotsedwanso, ndiye musaziike m'gulu la zopulumutsa. Ngakhale abwana atamaika zofanana ndi zanu, zonse pamodzi ndi yowonjezerayo zikhala R49,800, choncho malo alipo.

Ndinenepo pang'ono za abale amene akuwerenga koma amalandira zochepa, asatengeke ndi manambala a achimwenewa. Pa manambala a 2025/26, munthu wolandira zosakwana R95,750 pachaka salipira msonkho wa pamalipiro, ndiye palibe chopulumutsa. Wa R8,000 pamwezi amapeza R96,000 pachaka, ndipo msonkho wake wa chaka chonse ndi R45. Ngakhale ataika zochuluka bwanji ku penshoni, sangapulumutse kuposa R45 imeneyo. Kusunga kwa iye kudakali kwabwino, koma wina asamugulitse RA pomulonjeza kuti adzabwezeredwa msonkho.

Chomaliza chimene ndikufuna mumvetse musanasaine ndi choti msonkhowu waimitsidwa kaye, sunafafanizidwe. Kuyambira pa 1 Seputembala 2024 zopereka zimagawidwa m'miphika iwiri: limodzi mwa magawo atatu limapita ku mphika umene mungatapemo kamodzi pa chaka cha msonkho, magawo awiri enawo amatsekeredwa mpaka mudzapume pantchito. Zimene mwatapa zimaikidwa pamwamba pa malipiro anu a chakacho n'kudulidwa msonkho. Pa manambala omwewa, musanawonjezere R1,000 ija, mutatapa R6,000, R4,000 yoyamba idzadulidwa 18 peresenti ndipo R2,000 inayo 26 peresenti, zonse pamodzi R1,240, osawerengera chindapusa cha oyendetsa thumbalo. Ngati mukudziwa kuti R1,000 imeneyi mudzaifuna Disembala pa fetereza kapena fizi, isungeni kubanki. Ngati mungathe kuiiwala mpaka mudzapume, ikani, ndipo pa bajeti ya mwezi lembanipo R820.