Midadada ya sukulu ikamatuluka ngati hotela

"Achimwene, komiti yathu ikufuna chithunzi cha sukulu imene tikufuna kumanga, chooneka ngati chajambulidwa ndi droni, choti tikaonetse makolo. Ndikalemba midadada itatu, pulogalamu yopanga zithunzi imandipatsa isanu, ina yosanjikizana, madenga atalumikizana. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, mapulogalamu amenewa sayeza ndi tepi ngati mmisiri. Mukalemba mamita 18, iwo amangoona mawu. Chimene amamva bwinoko ndi maonekedwe a chinthu, malo amene chakhala, ndiponso china chodziwika choyerekezera nacho.

Tiyeni titenge mdadada wa makalasi awiri, wa mamita 18 mulitali, 8 mulifupi, khoma lake mamita 3. Mdadada wotere ndi wautali, wamfupi msinkhu, denga lake la malata lili ndi msana umodzi. Zimenezo ndiye muzilemba, kenako munene pokhala mdadada uliwonse. Mbali ya kamera musaiwale: mukajambula molunjika pansi mungoona malata okhaokha, makoma osaoneka. Ine ndimaipendeketsa madigiri 45. Mawu olembera pulogalamuyo angakhale otere:

```
oblique drone photo, camera tilted 45 degrees, three identical
single-storey classroom blocks in a U shape, long low gable roofs,
gaps between blocks, netball court in the middle, shadows falling left
```

Bwalo la netiboli sindinaliikemo kuti likongoletse ayi. Limeneli ndiye tepi yanu. Kutalika kwake ndi mamita 30.5, choncho pachithunzi liyenera kuposa mdadada kwambiri, kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mdadada ukalimeza bwalolo, dziwani kuti mwapatsidwa nyumba zazikulu kuposa zimene ndalama zanu zingamange, ndipo makolo adzayembekezera zomwe sizidzabwera. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa amene amadzanenedwa ndi a komiti.

Mukatero yang'anani mithunzi. Yonse igwere mbali imodzi, ndipo nyumba zofanana msinkhu zikhale ndi mithunzi yofanana. Chitseko nachonso chimaulula: chimakhala pafupifupi mamita 2, ndiye pakhoma la mamita 3 chitenge magawo awiri mwa atatu. Mukaona mizere iwiri ya mawindo, mdadada wasanjikizana.

Komabe mawu ali ndi polekezera. Nyumba zikapitirira zinayi kapena zisanu, muonjezere nyumba za aphunzitsi ndi zimbudzi, chiwerengero chimayamba kusokonekera ngakhale mulembe bwino chotani. Pamenepo ine ndimasiya kulimbana ndi mawu. Ndimatsegula SketchUp kapena Blender, mapulogalamu oumbira zinthu za 3D pakompyuta, n'kuumba mabokosi wamba pamiyezo yeniyeni, opanda utoto, n'kuika kamera pamene ndikufuna. Kuchokera pamenepo ndimatenga chithunzi choonetsa zapafupi ndi zakutali, chotchedwa `depth`, n'kuchipereka ku ControlNet ya `depth`, chida chimene chimachititsa pulogalamu yopanga zithunzi ya Stable Diffusion kutsatira chithunzi chimene mwaipatsa. Mabokosi aja amagwira kukula ndi malo a nyumba, mawu n'kutsala ndi ntchito ya njerwa, malata ndi mitengo.

Madenga akamalumikizanabe, onjezani mphamvu ya ControlNet, ndipo mipata ya pakati pa mabokosi muisiye monga ilili papulani. Munditumizire pulani ya komiti yanu ndi miyezo yake, ndione pamene pakutsina.