Disiki ya 64 GB ndi mafayilo a 200 GB pa OneDrive

"Laputopu yanga ili ndi disiki ya 64 GB ndipo yatsala ndi malo a 9 GB okha, koma pa OneDrive ndili ndi mafayilo a 200 GB, ambiri mwa iwo ndi zithunzi za maukwati zomwe ndimajambula. Kodi ndisankhe mafoda kapena ndiyatse Files On-Demand?"

Mayi, gwiritsani ntchito zonse ziwiri, chifukwa ntchito zake n'zosiyana. Mukayatsa Files On-Demand, yomwe inabwera pa Windows 10 m'chaka cha 2017, mafayilo onse amaoneka mayina ake mu File Explorer, koma zam'kati mwake zimatsala pa intaneti mpaka mutatsegula fayiloyo. Mukachotsa chizindikiro pa foda kudzera pa Settings ya OneDrive, Account, Choose folders, fodayo siionekanso n'komwe pa laputopu, ngakhale kuti pa OneDrive ikadalipo.

Mafoda a maukwati a zaka zapitazo achotseni chizindikiro kudzera pa Choose folders. Fayilo yooneka dzina imatha kutsitsidwa ndi pulogalamu iliyonse yomwe yayesa kuiwerenga, choncho pulogalamu yokonzera zithunzi ikangoyamba kusanthula foda yonse, malo anu a 9 GB adzadzaza ndipo bandulo idzatha musanadziwe chomwe chachitika. Foda yosaoneka palibe pulogalamu yomwe ingaikhudze.

Pa mafoda otsalawo, yang'anani zizindikiro zomwe zili pambali pa dzina. Kamtambo kakutanthauza kuti fayilo ili pa intaneti pokha, ndipo popanda netiweki singatseguke. Kachongi kobiriwira m'bwalo loyera kakutanthauza kuti munaitsegulapo ndipo tsopano ikudya malo. Bwalo lobiriwira lonse ndi la zomwe mwasankhira Always keep on this device, ndipo ine ndingachite zimenezi pa foda ya ukwati womwe mukukonza sabata ino yokha, bola isapose 4 GB, kuti Windows itsale ndi malo oikira zosintha zake.

Vuto lomwe ambiri saliona ndi lakuti mafayilo otsegulidwa sabwerera kumtambo mukangowatseka. Mukamaliza ntchito, dinani foda ndi batani lakumanja n'kusankha Free up space, kapena yatsani Storage Sense pa Settings ya Windows, System, Storage, n'kuiuza kuti izibweza mafayilo omwe sanatsegulidwe kwa masiku 14. Kuti mutsimikize, tsegulani Properties ya fodayo: Size ikhoza kusonyeza 4 GB pomwe Size on disk ili pafupifupi ziro.

Chonde musadine Delete pofuna kupeza malo, chifukwa fayilo yomwe mwaifufuta pa laputopu imafufutikanso pa OneDrive, ngakhale ikhale ya kamtambo yomwe sinkadya malo n'komwe. Pa akaunti ya munthu payekha imakhala mu Recycle bin ya OneDrive masiku 30, ndipo ngati eni ukwati adzafuna zithunzi zawo masikuwo atadutsa, simudzazipezamonso.